Kutsuka bala la opaleshoni popanda kulowetsamo tizilombo: mmene ndimaphunzitsira ophunzira unamwino

Chaka chilichonse ndikafunsa ophunzira atsopano kuti aseputiki n'chiyani, ambiri amayankha kuti ndi kuvala magolovesi. Yankho limeneli ndi limene limadwalitsa anthu. Golovesi imatenga tizilombo pa chitsulo cha bedi n'kukatitula pa bala ngati mmene dzanja lamaliseche lingachitire, ndipo nthawi zina imaposa, chifukwa woivala amaiwala kuti wakhudza chinthu. Aseputiki ndi kudziwa nthawi iliyonse kuti pa zida zanu ndi mbali iti imene ikakhudze bala, n'kuonetsetsa kuti mbali imeneyo sinakhudze china chilichonse panjira.

Ndikufotokozerani ntchito imodzi yokha, yomwe mudzaigwira kambirimbiri kaya akutumizani ku chipatala chachikulu cha Chipata, ku Mwami kapena ku Katete: kutsuka ndi kumanga bala la mayi amene wabereka kudzera pa opaleshoni. Mukaigwira bwino iyi, kuika paipi ya mkodzo ndi kuika kanula, kapaipi kolowetsa mu mtsempha, sizidzakuvutani, poti maganizo ake ndi omwewo.

Choyamba siyanitsani mawu awiri. Chinthu choyera ndi chimene chatsukidwa, tizilombo tachepa koma tilipobe. Chinthu cha siterayo ndi chimene chaphikidwa mu otokilevu, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, kapena chachokera ku fakitale chili chomata, ndipo chilibe kachilombo ngakhale kamodzi. Manja anu, ngakhale muwasambe chotani, amafika pa kuyera basi. Choyera chikakhudza cha siterayo, cha siterayo chija chatha ntchito. Ndipo mukakayikira ngati mwakhudza kapena ayi, ingotengani kuti mwakhudza.

Musanagwire tolole

Yambani ndi fayilo ya wodwala, osati ndi paketi ya zida. Mayi amene ndimupereke monga chitsanzo anachokera cha ku Chadiza, anachitidwa opaleshoni Lolemba usiku, ndipo ife tinafika pa bedi lake Lachinayi m'mawa. Bandeji imene amaika ku fiyeta siichotsedwa msanga. Imasiyidwa kwa maola pafupifupi 48 kuti m'mphepete mwa bala mugwirane, pokhapokha ngati yanyowa ndi magazi kapena yamatuka. Kutsegula bala popanda chifukwa n'kutsegulira tizilombo khomo. Onaninso ngati mayiyo wamwa mankhwala ochepetsa ululu. Ngati sanamwe, apatseni amene dokotala walemba ndipo mudikire mphindi 30, chifukwa munthu amene akumva kuwawa amaponya dzanja pa bala mosaganiza.

Nthawi nayo muisankhe. Musatsegule bala pamene akusesa kapena akuyala mabedi. Dikirani theka la ola kuti fumbi likhazikike. Kuno kwathu mwezi wa Ogasiti mphepo ikayamba, fumbi limalowa pawindo mpaka mumalimva m'mano, ndipo mu Okutobala aliyense amafuna fani izizungulira. Tsekani windo loyandikana ndi bedi, zimitsani fani, pepesani odwala kuti n'kwa kanthawi. Ngati muli ndi mabala angapo, yambani ndi ouma bwino, otuluka mafinya abwere pomalizira.

Kenako pitani kwa mayiyo manja ali opanda kanthu. Ine ndimati, "Amayi, mwadzuka bwanji? Tabwera kudzaona bala lanu ndi kusintha nsalu. Tikayamba, manja anu akhale pachifuwa. Pakawawa mundiuze ndi pakamwa, musagwirepo." Mwana apatsidwe kwa wodikirira odwala musanayambe. Kokani makatani.

Manja

Chotsani wotchi, mphete ndi zibangili, ndipo malaya asapitirire chigongono. Zikhadabo zikhale zazifupi, zosapaka utoto, zosamatirira. Pankhani ya zikhadabo sindinyengerera, chifukwa pansi pake ndi pamene tizilombo timachulukana kwambiri, ndiponso chikhadabo chachitali chimaboola golovesi.

Ngati manja akuoneka akuda, kapena mwachokera kuchimbudzi, sambani ndi sopo pa madzi oyenda kwa masekondi 40 mpaka 60. Ngati akuoneka oyera, mankhwala opaka m'manja okhala ndi sipiliti akwanira, masekondi 20 mpaka 30, kufikira atauma okha. Nthawi zimenezi ndi zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse linaika mu malangizo ake a mu 2009. Musangowerenga masekondi, tsatani malo: zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, kuseri kwa zala mutazikolanitsa, chala chachikulu chilichonse pachokha, ndi nsonga za zala mukuzizunguliza m'chikhatho. Ndikaima pambali pa sinki kuonerera ophunzira, malo amene amaiwalika ndi omwewo chaka ndi chaka, chala chachikulu ndi nsonga za zala. Chonsecho nsonga ndi zimene zimagwira ntchito yonse.

Tsekani mpopi ndi chigongono kapena ndi pepala lomwe mwapukutira. Thaulo limodzi lolendewera pa msomali, loti aliyense azipukutira, lisiyeni. Kuli bwino kuimika manja m'mwamba kuti aume ndi mphepo. Madzi akasiya kutuluka, gwiritsani ntchito ndowa ya kampopi kapena mnzanu akuthirireni ndi jagi. Ngakhale pa nsima masiku ano timathirirana, sitisambanso tonse m'beseni limodzi. Beseni la madzi oima mu wodi limangosonkhanitsa zimene aliyense wasiyamo. Phunziro limeneli si latsopano: mu 1847 ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi obereka ankafa ndi matenda obwera ndi manja a madokotala, ndipo atalamula kusamba m'manja ndi madzi a klorini imfa zinatsika kwambiri.

Tolole ndi paketi

Valani epuloni ndi masiki, ndipo pukutani tolole ndi sopo ndi madzi, kenako sipiliti kapena mankhwala amene wodi yanu imagwiritsa ntchito. Yambani shelefu yapamwamba, kuchokera kutali kubwera kwa inu, osabwerera pomwe mwapukuta kale, kenako miyendo ndi shelefu yapansi. Isiyeni iume. Pamwamba pazikhala paketi ya siterayo yokha. Pansi ikanipo botolo la madzi amchere otchedwa salaini wa 0.9%, pulasitala, sizasi, magolovesi a mitundu iwiri, ndi mbale yotayiramo. Thumba lachikasu la zinyalala zopatsirana matenda likhale mbali ya wodwala, kuti swabu, kansalu kopukutira bala, ikada isadutse pamwamba pa zida zanu popita kotayidwa.

Paketi muitembenuze m'manja musanaikhulupirire. Onani deti. Onani ngati yang'ambika kapena yabooka pakona. Ikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja: ngati ili ndi chinyezi, ibwezeni, chifukwa madzi amakoka tizilombo kudutsa nsalu mpaka mkati. Zimenezi zimachitika kawirikawiri malaiti akazima otokilevu isanamalize kuumitsa. Onaninso tepi yomatira: mizere yake iyenera kukhala itada. Koma dziwani malire a tepiyo. Imangokuuzani kuti paketi inalowa pa kutentha, siikuuzani kuti inakhalamo mphindi 30 pa madigiri 121 monga zimafunikira pa zida zokulunga. N'chifukwa chake mukatsegula n'kupeza fosepu, kachitsulo kopanira swabu, ili ndi magazi ouma pa mano ake, paketi yonse ibwerere, tepi ide chotani.

Pakani m'manja, ndipo tsegulani motere. Mbali yoyamba kutsegula ndi yakutali, mukuikankhira kutali ndi inu. Kenako ya kumanja ndi dzanja lamanja, ya kumanzere ndi dzanja lamanzere, ndipo yoyandikana ndi mimba yanu ikhale yomaliza. Dongosololi lili ndi chifukwa chimodzi: mkono wanu usadutse pamwamba pa zomwe zatseguka kale. Gwirani makona okha. M'mphepete monse mwa nsaluyo, masentimita awiri ndi theka, muzipatenga ngati pakuda, ndipo musaikepo chida.

Kuyambira apa nsalu imeneyi musaifulatire, musatambasule mkono pamwamba pake, musalankhulire pa iyo. Anthu ambiri athanzi amasunga kachilombo ka sitafilokokasi m'mphuno osadziwa, ndipo ndi kamene kamaoletsa mabala ambiri a opaleshoni.

Pothira salaini mu galipoti, kambale kakang'ono kaja, gwirani botolo chizindikiro chili m'chikhatho, ndipo thirani pang'onopang'ono kukamwa kwa botolo kuli m'mwamba pang'ono, kosakhudza kambale. Madzi akadonthera pa nsalu n'kuinyowetsa, malo amenewo salinso a siterayo. Botolo lomwe linatsegulidwa koma palibe analembapo tsiku ndi ola musaligwiritse ntchito, ndipo lopitirira maola 24 litayidwe.

Kuchotsa yakale

Valani magolovesi wamba. Matulani pulasitala pang'onopang'ono kulowera ku bala, dzanja lina likugwirizira khungu. Ngati gozi, kansalu kophimbira bala kaja, yamatirira, inyowetseni ndi salaini, musaizule, chifukwa mungachotse mnofu watsopano. Musanaitaye iyang'aneni. Timadzi tochepa tofiirira kapena tachikasu choonekera mkati si vuto. Mafinya okhuthala, obiriwira kapena onunkha ndi nkhani ina. Ikulungeni mkati mwa golovesi pamene mukuivula, tayani m'thumba lachikasu, ndipo pakaninso m'manja. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amatayira mamakisi pa mayeso, amangochoka pa golovesi iyi kulowa mu inayo.

Tsopano yang'anani bala ndi maso okha. Mwa mayi wa ku Chadiza uja bala linali lopingasa m'munsi mwa mchombo, ulusi uli m'malo, m'mphepete mutagwirana. Kumapeto a kumanzere kunali kofiirira pang'ono koma kosatupa. Vuto linali lakuti khungu la mimba linagwera pa bala, ndipo mu mpindo umenewo munali thukuta. Malo ofunda ndi onyowa otere tizilombo timawakonda. Tinapempha wophunzira wina kuti avale magolovesi wamba n'kukweza khungulo m'mwamba, zala zake zili kutali ndi bala, mpaka titamaliza. Musayese kukweza nokha ndi dzanja limene mukutsukira.

Magolovesi a siterayo ndi mafosepu awiri

Tsegulani magolovesi pamalo ena ouma, osati pa nsalu ya zida. Yoyamba igwireni ndi zala zamaliseche pa mpindo wake, mbali imene ikakhudze khungu lanu, n'kulowetsa dzanja. Musaikonze kaye ngakhale zala zitalowa molakwika. Yachiwiri, lowetsani zala zinayi zovala kale pansi pa mpindo wake, chala chachikulu chili kunja, n'kuikokera m'mwamba. Lamulo lake n'losavuta: khungu likhudze mkati, golovesi ikhudze kunja. Zonse zikalowa ndiye konzani zala. Manja azikhala patsogolo panu, pamwamba pa chiuno, pomwe mukuwaona.

Ngakhale mwavala, bala simulikhudza ndi zala. Mutenga mafosepu awiri, ndipo mugawe ntchito musanayambe. Fosepu ya dzanja loyandikana ndi tolole ndi yoyera: imatola swabu, kuiviika mu salaini, kuifinya m'mbali mwa galipoti. Fosepu ya dzanja loyandikana ndi wodwala ndiyo imapita pa bala, ndipo siibwereranso pa tolole. Swabu imachoka ku yoyamba kupita ku yachiwiri nsonga zawo zosakhudzana, ndipo mukupatsirana pambali, osati pamwamba pa galipoti. Nsonga ziziloza pansi nthawi zonse. Mukaziimika, madzi amatsikira ku zala zanu, ndiye mukazitembenuza amabwerera ku swabu.

Swabu imodzi, kupukuta kamodzi, kutaya. Yoyamba idutse pa mzere wa bala penipeni kuchokera kumapeto ena kukafika kwina. Yachiwiri m'mwamba mwa mzere, yachitatu m'munsi, ndipo muzinka mutalikira, chifukwa bala la opaleshoni ndi loyera kuposa khungu lolizungulira. Musapite n'kubwerera ngati mukukolopa. Ngati mbali ina ikutuluka mafinya kapena pali paipi yotulutsa madzi, imeneyo ikhale yomaliza ndi maswabu akeake. Kwa mayi wathu tinayambira kumanja n'kuthera kumanzere kofiirira kuja. Umitsani ndi gozi youma mwa dongosolo lomwelo. Thonje lisafike pa bala poti limasiya ubweya. Pa bala loyera lomwe likupola salaini ndi wokwanira. Sipiliti imawawa ndipo imapsereza mnofu watsopano, ndipo ayodini muike pokhapokha dokotala kapena ndondomeko ya wodi yatero.

Zikalakwika

Tili mkati motsuka, mwana analira. Agogo ake anadzuka naye kuti amupereke kwa mayi, ndipo nsonga ya chitenje chawo inakwekwereza pakona ya nsalu yathu n'kukhudza gozi youma yomwe timati tiphimbire bala. Zinachitika m'kuphethira kwa diso. Wophunzira amene ankatsuka anaima, manja ali m'mwamba, n'kunena kuti, "Sisita, chitenje chakhudza gozi."

Ndinamupatsa mamakisi onse pa mfundo imeneyo. Zimene tinachita n'zimene inunso muzichita. Sitinakalipire agogo, tinangowapempha kuti, "Agogo, khalani naye pang'ono panja, titha posachedwa." Bala tinaliphimba ndi swabu youma yomwe inali kale pa fosepu. Wophunzira wachitatu anabweretsa paketi ina, ndipo tinayala malo atsopano. Chikanakhala kuti chakhudzidwa ndi golovesi yokha, monga zimachitikira munthu akakankha magalasi ake kapena kukonza masiki, akanavula, kupaka m'manja, n'kuvala zina. Fosepu ikakhudza bulangete imaikidwa m'mbale yotayiramo n'kutenga ina.

Ndikudziwa chimene chimatsekereza pakamwa. Mapaketi amakhala ochepa, odwala ambiri, ndipo mumaopa kuti akunenani kuti mukuwononga zida. Ine ndili wophunzira, fosepu yanga inakhudza chitsulo cha bedi, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona kuti palibe waona, ndipo ndinapitiriza. Patapita masiku anayi bala la bambo amene ndinkawatsukawo linayamba kutuluka mafinya. Mwina zinachokera kwina, koma mpaka lero ndikafika pa phunziro lino nkhope yawo imandibwerera. Bala likaola limadya mapaketi ambiri, maantibayotiki ndi masabata a mayi amene akanakhala kunyumba akuyamwitsa. Mapaketi akachepadi, uzani sisita wamkulu ntchito isanayambe kuti mugawe bwino, osati kubisa pakati pa ntchito.

Kumanga ndi kumaliza

Ikani gozi youma ndi fosepu, ipitirire bala mbali zonse ndi masentimita awiri kapena atatu. Ikatera yatera, musaikokere uku ndi uku, chifukwa imakokera tizilombo ta pakhungu ku bala. Vulani magolovesi kenako matani pulasitala mbali zonse zinayi, ndipo lembanipo tsiku ndi ola.

Zinyalala zigawidwe pomwepo. Zokhudza magazi ndi mafinya m'thumba lachikasu, mapepala okulungira m'thumba lakuda, lezala kapena singano m'bokosi la zobaya, lomwe limatsekedwa likafika magawo atatu mwa anayi. Singano musaibwezere chivindikiro. Mukadzibaya, sambani ndi sopo pa madzi oyenda ndipo nenani nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo koyambitsa edzi amayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanathe.

Mawodi ambiri amaviika zida mu klorini wa 0.5% kwa mphindi khumi asanazitsuke, ndipo yemweyo amathira pa magazi otayika pansi. Phunzirani kumusungunula nokha. Werengani mphamvu yolembedwa pa botolo la jiki, igaweni ndi mphamvu imene mukufuna, n'kuchotsapo 1. Ngati palembedwa 3.5%, ndiye 3.5 kugawa ndi 0.5 ndi 7, kuchotsa 1 kutsala 6: kapu imodzi ya jiki, makapu 6 a madzi. Apangidwe watsopano tsiku lililonse. Zida zikapitirira mphindi khumi zimachita dzimbiri, ndipo klorini ameneyu asafike pa bala kapena pa khungu la wodwala. Pukutani tolole, vulani epuloni, sambani m'manja.

Mu fayilo musalembe kuti "bala lili bwino". Lembani zimene mwaona. Ife tinalemba kuti m'mphepete mwagwirana, ulusi uli m'malo, kumapeto a kumanzere kwafiira pafupifupi sentimita imodzi popanda kutupa kapena mafinya, kutentha kwa thupi madigiri 36.8, ndipo tinadziwitsa dokotala. Namwino wa mawa adzadziwa poyerekezera. Kufiira kukamakula, bala likatentha, likatupa, ululu ukamawonjezeka m'malo mochepa, kapena thupi likafika madigiri 38, musadikire nthawi yoyendera odwala. Ndipo mukaona timadzi tambiri tofiirira tikutuluka mwadzidzidzi kapena bala likuyasama, phimbani ndi gozi yonyowetsa ndi salaini, mayiyo agone atapinda mawondo, muitane dokotala.

Matenda a pa bala la opaleshoni amatha kuonekera mpaka masiku 30, pamene mayi ali kale kumudzi. Choncho tisanachoke pa bedi tinaitananso agogo aja, popeza ndiwo akasamalire bala, ndipo wophunzira anawafotokozera onse awiri. Asambe m'manja ndi sopo asanagwire pafupi ndi bala. Mu mpindo wa mimba muziuma, apukutemo ndi kansalu kochapa ndi kusita komwe sikagwira ntchito ina. Chitenje asamange chothina pa bala penipeni. Asapakepo phulusa, mafuta, paudala kapena mankhwala a zitsamba. Akaona mafinya, fungo, kutupa kapena kutentha thupi, apite ku kiliniki tsiku lomwelo osadikira tsiku lochotsa ulusi. Kenako wophunzirayo anati, "Agogo, tandibwerezereni zimene mukachite mukafika kunyumba," ndipo pomwe anaiwala za phulusa anawakumbutsa.